Kamzere kofiira kakapanda kuoneka

Munthu akamalemba pa kompyuta yokhala ndi pulogalamu yoona masipelo amafika pozolowera kukhulupirira kamzere kofiira kaja. Kakaoneka pansi pa mawu, amabwerera kukakonza. Kakapanda kuoneka, amapitirira mtima uli m'malo. Koma kusowa kwa kamzereko sikutanthauza kuti mawuwo alembedwa bwino. Kumangotanthauza kuti tizidutswa timene pulogalamuyo yadula m'chiganizo chanu tapezeka pa mndandanda wake. Ndipo tizidutswato nthawi zina si mawu amene inu mukuwaona ndi maso.

Pulogalamu yoona masipelo imagwira ntchito ziwiri motsatizana. Poyamba imayenda m'chiganizo kufufuza pamene mawu ayambira ndi pamene athera. Ikatero imatenga mawu amene yadulawo n'kuwayerekeza ndi mndandanda umene inapatsidwa. Anthu akamadandaula amaloza ntchito yachiwiriyi, amati mndandanda ndi waufupi, mulibe mayina a midzi yathu. Zoona, koma zolakwika zambiri zimene zimadutsa osagwidwa zimabadwira pa ntchito yoyamba ija, yodula. Ndipo m'Chichewa chimene chimasokoneza kaduleko koposa china chilichonse ndi nkhodolero, kachizindikiro kamene tinaphunzira kupulayimale kuti tiziika mu m'mudzi, n'kutheka ndi ng'ombe.

Nkhodolero zisanu ndi imodzi

Kompyuta sidziwa maonekedwe a chilembo, imadziwa nambala yake. Ndondomeko yotchedwa Unicode, imene inayamba kugwira ntchito mu 1991, inapatsa chilembo ndi chizindikiro chilichonse cha zilankhulo za padziko nambala yakeyake. Nambalazo zimalembedwa ndi U+ patsogolo. Chilembo chaching'ono cha w, mwachitsanzo, ndi U+0077.

Nkhodolero imene aphunzitsi ankalemba ndi choko inali imodzi. Pa kompyuta zilipo zingapo zofanana nayo. Yoongoka ija ('), imene inachokera ku mataipi akale, ndi U+0027. Yopindika ya m'mabuku (’) ndi U+2019. Palinso inzake yoyang'ana kumbali ina (‘), U+2018, imene ntchito yake ndi kutsegula mawu ogwidwa. Ena chala chikaphonya amadina batani la pansi pa Esc n'kutulutsa (`), U+0060, ndipo pa makiyibodi ena a ku Ulaya, monga a Chipwitikizi amene amapezeka ku Mozambiki, pali (´), U+00B4, kamene kwenikweni ndi kachizindikiro ka katchulidwe. Yachisanu ndi chimodzi ndi (ʼ), U+02BC, imene Unicode imaiwerengera ngati chilembo osati chizindikiro cha m'kalembedwe. Zilembo zikakhala zazing'ono pa foni, palibe angasiyanitse zonsezi.

Munthu sachita kusankha imene akufuna. Mukadina batani la nkhodolero mu Word kapena mu LibreOffice, pulogalamuyo imasintha yoongoka kukhala yopindika inu osadziwa. Mukadina batani lomwelo mu Notepad, imakhala yoongoka. Mafoni a iPhone anayamba kupinda nkhodolero mwa okha mu 2017, pamene mafoni ena ambiri amaisiya yoongoka. Choncho kalata ya mpingo imene nkhani zake zatumizidwa ndi anthu atatu pa WhatsApp, mlembi n'kuzimata mu fayilo imodzi, ikhoza kukhala ndi nkhodolero zamitundu itatu pa tsamba limodzi.

Tiyeni titenge chiganizo chimodzi cha m'kalata yotereyi tiyende nacho. Cholondola ndi ichi: N'kofunika kuti m'bale aliyense afike ndi ng'oma m'mawa. Tinene kuti wotumiza analakwitsa mawu oyamba, monga ambiri amachitira, nalemba M'kofunika.

Ngati nkhodolero yake ndi imene pulogalamuyo imaidziwa kuti ndi mbali ya mawu, imatenga m'kofunika yense wathunthu, kumusowa pa mndandanda, n'kujambula kamzere. Apa zayenda bwino. Koma tinene kuti munthuyo anadina (`). Pulogalamu imaona chizindikirochi ngati malire, chimodzimodzi mpatuliro kapena mpata. Imadula mawuwo pawiri: M payekha, kofunika payekha. Mawu akuti kofunika ndi olondola. Chilembo choima chokha mapulogalamu ambiri sachifunsa, kapena chimakhala kuti chili kale pa mndandanda. Zidutswa zonse ziwiri zadutsa, kamzere palibe, ndipo zolakwika ziwiri zapita kosindikiza: chilembo cholakwika ndi chizindikiro cholakwika. Mawu omaliza a chiganizochi akhoza kulembedwa n`mawa, nawonso adutsa, pakuti mawa ndi mawu odziwika. Chingerezi nachonso chimagwa m'mbuna yomweyi: don´t amaduka kukhala don ndi t, ndipo don ndi mawu a Chingerezi.

Chichewa chimavutika kwambiri chifukwa cha mmene timamangira mawu. Mu m' ndi n' nkhodolero imaimira chilembo chimene chagwa, mu kapena ndi atafupikitsidwa, ndiye chimene chimatsala kumanja kwake kawirikawiri chimakhala mawu athunthu: nyumba, manja, mudzi, kutheka, zoona. Pulogalamu yodula pa nkhodolero singagwire cholakwika chilichonse chimene chili kumanzere kwake.

Mu ng' nkhani ndi ina. Pamenepa palibe chimene chagwa. Nkhodolero ndi mbali ya chilembo, imasiyanitsa liwu la ng'ombe ndi la ngozi. Pulogalamu ikadula apa imatulutsa zinthu zopanda tanthauzo: ng ndi oma, pang ndi ono, yang ndi ana. Izi zimafiira, ndipo poyamba mungaganize kuti palibe choopsa, popeza kulira kwabodza kuli bwino kusiyana ndi kukhala chete. Koma taganizani zimene mlembi wotopa amachita ataona pang'ono atafiira kakhumi pa tsamba limodzi. Amadina Add to Dictionary. Kuyambira tsiku limenelo ng, pang, ono ndi oma ndi mawu ovomerezeka pa kompyuta imeneyo. Mawa wina akalemba pang ono ndi mpata pakati, kapena akasiya ng ali yekha chala chitaterereka, pulogalamu siyankhula kanthu. Matenda omwewa amalowa m'mindandanda ikuluikulu, chifukwa ya zilankhulo ngati chathu nthawi zambiri imayamba ndi mawu okokoledwa pa intaneti, ndipo chokokolacho chikadula molakwika, zidutswazo zimalowa ngati mawu mpaka munthu wodziwa chilankhulo atakhala pansi kuzipeta.

Zilembo zophwanyika

Aliyense anaonapo zinthu ngati ngâ€™oma kapena MalaÅµi pa risiti, pa mndandanda wa mayina a ana asukulu, kapena mu uthenga wa imelo. Si kachilombo ka kompyuta ayi, ndipo zilembo zachilendozo sizibwera mwachisawawa.

Nambala za Unicode zimasungidwa mu fayilo m'timagulu totchedwa mabaiti, ndipo njira yofala yosungira ndi UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992. Mu njirayi zilembo wamba za Chingerezi, pamodzi ndi nkhodolero yoongoka, zimatenga baiti imodzi chilichonse. Nkhodolero yopindika imatenga mabaiti atatu, E2 80 99. Tsono fayiloyo ikatsegulidwa ndi pulogalamu yoganiza kuti inalembedwa m'njira yakale ya Windows-1252, mmene baiti iliyonse ndi chilembo chimodzi, imawerenga E2 ngati â, 80 ngati €, ndi 99 ngati ™. Chilembo cha ŵ ndi mabaiti awiri, C5 B5, amene amasanduka Å ndi µ. Malo amene izi zimachitika kawirikawiri ndi fayilo ya CSV yotsegulidwa mu Excel pongoidina kawiri. N'chifukwa chake m'kalata ya anthu atatu ija mungapeze ng'oma wina ali bwinobwino, wina ataphwanyika: woongoka wapulumuka, wopindika ndiye wagwa.

Kuphwanyika kotereku kumaoneka ndi maso, ndipo kumakonzeka, chifukwa mabaiti onse akadalipo, angowerengedwa molakwika. Mu Excel njira ndi kutseka fayiloyo osaisunga, n'kuilowetsa kudzera pa Data, From Text/CSV, n'kusankha UTF-8. Wodziwa Python akhoza kubweza mawuwo ndi mzere umodzi:

```
"ngâ€™oma".encode("cp1252").decode("utf-8")
```

Ngozi yeniyeni imabwera ndi wokonza wachangu. Ataona â€™ ali mbwee m'fayilo, amatsegula Find and Replace, kumata zilembo zitatuzo m'bokosi lapamwamba, lapansi n'kulisiya lopanda kanthu, n'kudina Replace All. Tsamba layera. Koma tabwererani ku chiganizo chathu chija. M'bale wasanduka mbale yodyeramo nsima. Ng'oma yoimba yasanduka ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Onse awiri ndi mawu a Chichewa olondola, ali pa mndandanda, ndipo palibe pulogalamu yoona masipelo imene ingawafiiritse, ingakhale yabwino chotani. Kalata ikuuza mbale kuti ifike ndi ngoma, ndipo kompyuta ikuti zonse zili bwino.

Pali kuphwanyika kwina kosabwezeka. Mukasunga fayilo m'njira yakale imene ilibe malo a chilembo china, pulogalamu imaika mfunsiro m'malo mwake, kapena chilembo chofananako. Windows-1252 ilibe ŵ, ndiye Malaŵi amatuluka Mala?i kapena Malawi. Pamene pulogalamu yakumana ndi mabaiti amene yalephereratu kuwamvetsa imaika kadayamondi kakuda ka mfunsiro pakati (�), U+FFFD. Zikafika apa chilembo choyambirira chatayika, ndipo chongotsala ndi kufunafuna fayilo yoyamba kapena kulembanso ndi manja. Mfunsiro ndi kadayamondiko nazonso ndi malire kwa pulogalamu yodula mawu, choncho m?kofunika amadutsa monga anadutsira m`kofunika.

Komanso zofiira zikachulukitsa, Word imatulutsa uthenga wakuti zolakwika zachuluka moti singapitirize kuzionetsa, n'kuzimitsa timizere tonse m'fayilo imeneyo. Munthu amadina OK osawerenga. Amene adzatsegule pambuyo pake adzapeza masamba oyera.

Kachipewa ka pa w

Chilembo cha ŵ chinazika mizu m'malamulo a kalembedwe a nthawi ya bungwe la Chichewa Board, m'zaka za m'ma 1970. Masiku ano nyuzipepala zambiri zinachisiya, koma chikadali m'mabuku ambiri, mu Buku Loyera, ndi m'Chitumbuka, mmene chimayamba mawu wamba ngati ŵanthu. Chinatithandiza kuchipeza msanga mu Unicode ndi chakuti anthu a ku Wales, ku Britain, amachigwiritsanso ntchito m'chilankhulo chawo.

Unicode imalola kuchilemba m'njira ziwiri. Yoyamba ndi nambala imodzi, U+0175, chilembo chobadwa ndi chipewa chake. Yachiwiri ndi nambala ziwiri: w wamba, kutsatiridwa ndi U+0302, kachipewa kopanda malo akeake kamene kamakwera pa chilembo chilichonse chimene chili kumbuyo kwake. Pa sikirini ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. M'kati mwa kompyuta ndi zosiyana:

```
import unicodedata
a = "Mala\u0175i"
b = "Malaw\u0302i"
print(a == b, len(a), len(b))
print(a == unicodedata.normalize("NFC", b))
```

Mzere woyamba wa yankho ndi False 6 7, kutanthauza kuti mawu awiriwo si ofanana, ena ali ndi zilembo 6 ena 7. Wachiwiri ndi True, chifukwa lamulo la NFC limaphatikiza w ndi chipewa chake kukhala chilembo chimodzi. Zolembedwa za njira yachiwiriyi zimakonda kuchokera m'mawu okopedwa mu PDF, m'mayina a mafayilo ochokera pa makompyuta a Mac, ndi m'makiyibodi ena opangidwira zilankhulo za mu Afirika.

Mndandanda ukakhala ndi ŵ wa nambala imodzi, zolemba zanu n'kukhala ndi wa nambala ziwiri, mawu olondola amafiira, ndipo pulogalamu imakupatsani m'malo mwake mawu ooneka ndendende ngati amene mwalemba. Chimenechi ndi chizindikiro chodalirika cha vutoli. Mapulogalamu ena osalimba amaona kachipewako ngati malire n'kudula mawu pomwepo, ŵanthu kukhala w ndi anthu.

Apa ndi pamene okonza mindandanda amapanga chisankho chimene ine ndimachiona kuti n'cholakwika. Hunspell, pulogalamu imene László Németh wa ku Hungary analemba ndipo imagwira ntchito m'kati mwa LibreOffice, Firefox ndi Chrome, ili ndi lamulo lotchedwa IGNORE. Chizindikiro chilichonse chimene mwaika pa lamulo limeneli chimachotsedwa mawu asanayerekezedwe. Linakonzedwera zilankhulo ngati Chiarabu, zimene zizindikiro zina munthu akhoza kuika kapena kusiya. Popeza ifenso ena amalemba Malaŵi ena Malawi, n'kosavuta kuganiza kuti kuika U+0302 pa IGNORE kuthetsa mkangano. Kumathetsadi kufiira, koma pulogalamuyo siyang'ananso kuti chipewa chakwera pa chilembo chiti. Wina akadina kachipewa msanga kakakwera pa a, kapena mochedwa kakakwera pa i, Malâwi ndi Malawî onse adutsa. Akaika kachipewa pa w wa mu mwana, pamene sipanakhalepo chipewa chiyambire, adutsanso. Njira yabwino ndi yotopetsa pang'ono: mawu onse awiri, a chipewa ndi opanda chipewa, alembedwe pa mndandanda ngati onse ali ovomerezeka, ndipo w wa nambala ziwiri asinthidwe kukhala wa nambala imodzi ndi lamulo lina, la ICONV.

Lamulo la ICONV ndi lomwenso limathetsa nkhani ya nkhodolero yoongoka ndi yopindika. Mu fayilo ya malamulo, imene dzina lake limathera ndi .aff, mumakhala mizere yonga iyi:

```
SET UTF-8
WORDCHARS '’
ICONV 1
ICONV ’ '
```

Mzere woyamba ukunena njira yowerengera mabaiti. Wachiwiri ukuti nkhodolero ziwirizi ndi mbali ya mawu, osadulapo. Awiri omalizawo akuti yopindika iwerengedwe ngati yoongoka poyerekeza ndi mndandanda. Pali malire awiri ofunika kuwadziwa. Oyamba ndi akuti WORDCHARS imamveka Hunspell ikamadula yokha mawu. LibreOffice ndi Firefox zili ndi njira zawozawo zodulira, choncho mndandanda umodzi womwewo ukhoza kugwira cholakwika mu pulogalamu ina n'kuchiphonya mu inzake. Achiwiri ndi akuti musakopeke kuonjezera (`) ndi (´) pa ICONV. Mukatero m`mudzi adzawerengedwa ngati wolondola, pamene papepala adzatuluka ndi chizindikiro chopendekeka chimene si nkhodolero. Zimenezo zikonzedwe m'zolembazo, osati kuzibisa mu mndandanda.

Kuyeretsa kuli ndi ndondomeko yake

Kuti mudziwe chimene chili pansi pa chizindikiro chokayikitsa simufunika kudziwa Python. Mu Word kapena LibreOffice, ikani kamzere kothwanima kaja kumanja kwa chizindikirocho n'kudina Alt ndi X pamodzi. Chizindikirocho chisanduka nambala yake, 0027 kapena 2019 kapena 00B4, ndipo mukadinanso chibwerera. Pa ŵ pali njira yachidule: dinani Backspace kamodzi. Chilembo chonse chikafufutika, chinali cha nambala imodzi. Chipewa chokha chikachoka w n'kutsala, chinali cha ziwiri. Kudina mawu kawiri ndi mbewa kumaonetsanso kanthu: mbali imodzi yokha ya ng'ombe ikadetsedwa, dziwani kuti pulogalamuyo ikuona malire pamene inu simukuwaona. Njira yomweyi imaulula zizindikiro zosaoneka n'komwe, monga U+200B, mpata wopanda m'lifupi umene umabwera ndi mawu okopedwa pa intaneti.

Pokonza fayilo yaikulu, chimene chiyambe ndi chimene chitsatire n'chofunika. Yambani ndi zilembo zophwanyika, zisanakhudzidwe ndi china chilichonse. Pali lamulo lofanana dzina ndi NFC, lotchedwa NFKC, limene limasintha zambiri kuposa zimene mukufuna: ™ limamusandutsa TM, ndipo (´) limamusandutsa mpata wokhala ndi kachizindikiro kokwera. Mukaliyendetsa pa ngâ€™oma mudzapeza ngâ€TMoma, ndipo mzere wa Python wobweza uja sugwiranso. Ndiye bwezani mabaiti poyamba, kenako NFC, kenako nkhodolero, ndipo masipelo aonedwe pamapeto.

NFC sikhudza nkhodolero. Kwa Unicode yoongoka ndi yopindika ndi zizindikiro ziwiri zosiyana, ndiye kuzigwirizanitsa ndi ntchito yanu. Sankhani imodzi. Akatswiri ena amati mu ng' muyenera kukhala U+02BC, popeza pamenepo nkhodolero ndi chilembo, ndipo mfundo yawo ndi yomveka: pulogalamu singadule pa chinthu chimene ikuchiwerengera ngati chilembo. Koma palibe batani lake pa kiyibodi wamba, mafonti ena alibe, ndipo munthu wofufuza ng'ombe ndi nkhodolero ya pa foni yake akhoza osaipeza nkhani yanu. Pa zosindikiza ine ndingasankhe yopindika, imene Unicode yomweyo imalimbikitsa ngati nkhodolero ya tsiku ndi tsiku; pa mindandanda ya mayina yodutsa m'makompyuta ambiri, yoongoka, chifukwa siphwanyika. Posintha, sinthani zokhazo zimene zili pakati pa zilembo ziwiri. U+2019 ndi chizindikiro chomwecho chimene chimatseka mawu ogwidwa, ndipo Replace All yosasankha idzaononga mitengero ya m'nkhani yonse.

NFC nayo ili ndi polekezera. Imaphatikiza pokhapo pamene Unicode ili ndi chilembo chophatikiza kale. Ife tili ndi mwayi kuti ŵ alipo, ndiponso zilembo za kamvekedwe zimene mabuku a galamala amagwiritsa ntchito posiyanitsa mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Chiyoruba cha ku Nigeria chili ndi zilembo zonga e wa kadontho pansi ndi kachizindikiro pamwamba, zimene zilibe nambala imodzi, ndipo Unicode inaleka kuonjezera zilembo zophatikiza zotere. Kumeneko pulogalamu yosadziwa zizindikiro zokwera ilibe pothawira.

Zonse zikatha, yesani pulogalamu yanuyo musanaikhulupirire. Pamwamba pa fayilo lembani dala mawu olakwika anayi: m'kofunika ndi nkhodolero yoongoka, m’kofunika ndi yopindika, pang ono ndi mpata, ndi Malâwi. Onse anayi ayenera kufiira. M'kofunika mmodzi kapena onse awiri akadutsa, pulogalamuyo ikudula pa nkhodolero, ndipo mawu onse oyamba ndi m' ndi n' m'fayilomo muwerenge ndi maso. Pang ono akadutsa, tsegulani mndandanda wa mawu amene munaonjezera nokha, umene mu Word uli pansi pa File, Options, Proofing, Custom Dictionaries, mufufutemo zidutswa zonse zimene si mawu.